Ekala imodzi ya chimanga kumudzi, mwini wake ali ku Joni

Lamulungu lililonse masana, pa kanyumba kena ku Mayfair, timakumana anthu asanu ndi mmodzi a ku Mchinji ndi ku Kasungu kudya nsima ya pamodzi, ndipo mwezi wa Okutobala ukangolowa nkhani imakhala imodzi: feteleza. Wina watumiza kale, wina akudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, wina akudandaula kuti chaka chatha anatumiza ndalama zambirimbiri koma pofika Januwale amayi ake ankamuimbira foni kuti ufa watha. Mukamufunsa kuti nanga anakolola matumba angati, amayankha mwachangu. Mukamufunsa kuti anagulitsa angati, mwezi uti, pa mtengo wanji, ndipo analowetsa zingati, amangoti "zimenezo akudziwa ndi akumudzi."

Inenso ndinali wotero kwa zaka zitatu. Ekala imene ndimalimitsa ili chakumadzulo kwa Lilongwe, munda wa makolo, ndipo amayang'anira ndi achemwali anga aakulu. Chimene chinandisintha ndi kope la sukulu la marandi ochepa limene ndinayamba kulembamo ndalama iliyonse yotuluka, pamodzi ndi tsiku lake. Tsikulo ndilo linandiphunzitsa zambiri kuposa ndalamayo, chifukwa pa ulimi wa chimanga ndalama zimatuluka kuyambira Okutobala mpaka Juni, pomwe zolowa zimabwera kamodzi kokha, ndipo mwezi umene zabwerawo ndiwo umanena ngati mwapindula kapena mwagwa.

Ndiwerengera m'marandi, pakuti ndiwo timalandira kuno. Manambalawa ndawazungulitsa kuti masamu asavute, ndipo ndi achitsanzo chabe. Inu mufunse mitengo ya sabata ino pa tawuni yapafupi ndi kwanu, muike m'malo mwake.

Tiyambe ndi zolowa m'munda. Alangizi a zaulimi ku Malawi amalangiza matumba awiri a feteleza wokulitsa ndi matumba atatu a yuriya pa hekitala, ndipo hekitala ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Pa ekala imodzi ndiye kuti makilogalamu 40 a wokulitsa ndi 60 a wobereketsa. Poti feteleza amagulitsidwa m'matumba a makilogalamu 50, ambirife timangogula thumba limodzi la NPK, uja wolembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn, ndi limodzi la yuriya. Tiyerekeze thumba lili pa R1,200, onse awiri R2,400. Mbewu ya haibulidi imafunika makilogalamu 10 ngati mukudzala njere imodzi pa phando, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, kadzalidwe kamene kumudzi amakatchula kuti Sasakawa. Kameneka kamapereka mapesi oposa 21,000 pa ekala. Mbewuyo tiike pa R700.

Kenako ganyu, amene ife a kuno timakonda kumuiwala ngati kuti munda umadzilima wokha. Kugalauza mizere R500, kudzala ndi kuthira feteleza kawiri R300, kupalira R400, kubandira R400, zonse R1,600. Mankhwala a ntchemberezandonda, zija zinafika m'dziko mwathu cha m'ma 2017 n'kukhazikika, R300. Kudula, kuika mikukwe, kukolola, ngolo yotutira ndi kutonola R700. Zolipira potumiza ndalama pa Mukuru kapena njira ina, ndi zimene zimadulidwa achemwali akamakatapa, tiike R300 pa chaka chonse. Mukaphatikiza zikukwana R6,000. Ngati munda ndi wobwereka, onjezani lendi pamenepo.

Chaka cha mvula yabwino ekala yotere, itathiridwa feteleza pa nthawi yake, ikhoza kutulutsa matumba 24 a makilogalamu 50. Munthu akamva zimenezi pafoni amagawa msanga: R6,000 pa matumba 24, ndiye kuti thumba limodzi landidyera R250. Akamva kuti mavenda akugula pa R280 amagona tulo tabwino.

Koma matumba 24 aja si anu onse. Achemwali ndi ana awo, pamodzi ndi amayi, adzadyapo. Maliro akagwa pamudzi, ndowa idzatuluka. Wa ngolo mwina anakana ndalama n'kufuna chimanga. Kwathu, titakhala pansi n'kugwirizana, tinapeza kuti matumba 8 ndi a pakhomo, ndipo ndi bwino kuwalemba poyera kusiyana ndi kunamizira kuti kulibe, chifukwa munthu amene wapalira munda wanu dzuwa likuswa mtengo sangagone ndi njala chimanga chili m'chipinda. Zotsala zogulitsa ndi matumba 16. Kuti R6,000 ibwere kuchokera pa matumba 16, lililonse liyenera kupita pa R375. Mukagulitsa mu Meyi pa R280, mulandira R4,480. Mwalowa pansi ndi R1,520, ngakhale munda unachita bwino ndipo palibe amene waba.

Chifukwa chake si chinsinsi. Dziko lonse limakolola nthawi imodzi, kuyambira Epulo mpaka Juni, ndipo aliyense amafuna ndalama nthawi yomweyo: ngongole ya feteleza, fizi ya sukulu, malata. Chimanga chimadzaza pa msika, mavenda amakhazika masikelo awo pa mphambano iliyonse, mtengo n'kugwa. Boma limalengeza mitengo yoyambira, koma ngati misika ya ADMARC sinatsegulidwe kapena ilibe ndalama, mlimi amagulitsa kwa amene wabwera ndi ndalama m'manja. Kenako nkhokwe zimayamba kutha, ndipo pofika Januwale ndi Febuluwale, chimanga chatsopano chisanakhwime, anthu omwe aja amapita kukagula pa mtengo wokwera. Tiyerekeze mu Febuluwale thumba lafika pa R450. Matumba 16 akhoza kubweretsa R7,200.

Apa m'pamene aliyense pa nsima ija amanena kuti "basi, tizisunga." Ndinanenanso choncho, ndipo chaka choyamba chosunga ndicho chinandipweteka kwambiri.

Tinaika chimanga m'matumba wamba, m'chipinda cha kuseri, matumba atagona pa simenti. Mankhwala anagulidwa pa msika kwa munthu wina woyala pansi, m'kabotolo kopanda chizindikiro chooneka bwino, pa mtengo wotsika. Mu Okutobala achemwali anandiimbira usiku. "Achimwene, chimanga chanu chikulira." Ndinaseka, koma iwo sankaseka. Anaika foni pafupi ndi thumba, ndipo ndinamva kaphokoso kosalekeza, ngati mvula yowaza pa udzu. Kutacha anatumiza chithunzi pa WhatsApp: kaufa koyera katazungulira pansi pa thumba lililonse, ndipo m'dzanja lawo munali njere zobooka ngati sefa.

Anankafumbwe alipo a mitundu iwiri imene muyenera kuidziwa. Wamba uja wa kamlomo kakatali amaikira dzira m'kati mwa njere, mphutsi n'kudya m'katimo mpaka kutuluka, ndipo nthawi zambiri amalowa chimanga chikadali kumunda, makamaka pa zisononkho zimene makoko ake sanatseke bwino kunsonga. Winayo ndi nankafumbwe wamkulu, amene analowa m'Malawi kuchokera ku Tanzania kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ameneyu ndiye woopsa, amaboola njere, chitsononkho, ngakhale mitengo ya nkhokwe, ndipo chizindikiro chake ndi ufa wambiri. Chimanga cha haibulidi chambiri chili ndi njere yofewa kuposa chamakolo, motero chimafumbwa msanga. Agogo athu ankasunga chamakolo m'nkhokwe ndi makoko ake mpaka chaka chitembenuke, koma mukachita zomwezo ndi haibulidi masiku ano mudzakolola gaga.

Pa matumba 16 aja, titapeta ndi kupimanso mu Febuluwale, panatsala 13. Ndipo wogula atalowetsa dzanja n'kuona mabowo anakana R450, anati R400 basi. Zonse zinakwana R5,200. Kuposa za mu Meyi ndi R720 yokha, titadikira miyezi isanu ndi inayi, ndipo tikadali pansi pa R6,000. Kuwonongeka kwa m'nkhokwe kumakudyani kawiri, pa sikelo ndi pa mtengo, koma anthu ambiri amangowerenga kwa pa sikelo.

Pali kuchepa kwina kumene si kwa tizilombo, ndipo kwadanitsa abale ambiri pachabe. Chimanga chotonoledwa chikadali ndi chinyezi chimapepuka chikamauma. Ngati chinapimidwa chili ndi madzi okwana 18 pa 100 alionse, n'kuuma kufika pa 13 pamene m'poyenera kusungira, makilogalamu 100 amasanduka 94 ndi pang'ono. Pa thumba lililonse achoka makilogalamu pafupifupi atatu, ndipo pa matumba 24 ndiye pafupifupi thumba limodzi ndi theka lapita kumwamba ndi dzuwa. Munthu ali ku Joni akamva kuti matumba achepa amayamba kuganizira mlamu wake. Njira yake ndi kugwirizana kuti nambala yolembedwa m'kope ndi ya chimanga chouma, chopetedwa, chopimidwa pa sikelo, osati ya ngolo zochoka kumunda. Kuti adziwe kuti chauma, achemwali amaluma njere. Ikasweka ndi phokoso louma osati kuphwanyika mofewa, chayandikira. Njira ina ndi kuika njere m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi mchere wouma bwino, kutseka, kukhutchumula, n'kusiya kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimanga chibwererenso pa mphasa. Chonyowa chikalowa m'thumba chimatentha, chimachita chuku, ndipo chuku china chimasiya poizoni amene sachoka ngakhale muphike, woononga chiwindi. Chimenecho si chopatsa ana, ngakhalenso nkhuku.

Chaka chotsatira tinagula matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja, amene anapangidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Purdue ku Amereka. Safuna mankhwala. Mumathira chimanga chouma m'pulasitiki ya m'kati, kufinya mpweya, kupotokola kukamwa n'kumanga, kenako kumanga yachiwiri payokha, kenako saka. Tizilombo totsekeredwa m'katimo timatha mpweya wopuma n'kufa, mazira omwe osaswa bwino. Mphamvu yake yonse ili pa kusalowa mpweya, ndiye kabowo kamodzi ka msomali kapena ka dzino la khoswe kamathetsa zonse. Musanathire chimanga, pulasitiki iliyonse iyesedwe poikola mpweya n'kuifinya. Matumba akhale pa mitengo kapena pa thandala, osakhudza khoma, ndipo asakhale otsegulatsegula. Ichi n'chifukwa chake matumba 8 a pakhomo timawaika padera, m'chipinda china, kuti wofuna kupita ku chigayo asamasule ogulitsa. Mukawasamala amagwira nyengo ziwiri kapena zitatu.

Amene akufuna mankhwala a ufa monga Actellic agule m'sitolo yovomerezeka, aone tsiku lothera mphamvu, atsate muyeso wolembedwa pa botolo, ndipo asakanize chimanga pa lona ndi fosholo mpaka ufa ufike njere iliyonse, osati kungowaza pamwamba pa thumba. Mphamvu yake imachepa pakapita miyezi ingapo, choncho wosunga mpaka Febuluwale ayenera kuyang'anamo mwezi ndi mwezi. Koma mapilitsi aja otulutsa mpweya amene ena amaponya m'matumba, musalole kuti alowe m'nyumba yogona anthu. Mpweya wake umapha munthu.

Masamu a matumba otseka mpweya ali motere. Tiike limodzi pa R45, ndiye 16 akwana R720. Tichotse theka la thumba la zotayika apa ndi apo, atsale 15 ndi theka, pa R450 lililonse, R6,975. Kuchotsa R720 kutsala R6,255. Pa R6,000 imene munalowetsa, phindu ndi R255.

Ndikudziwa kuti nambala imeneyi ikukhumudwitsa. Chaka chathunthu, marandi 255, osakwana ngakhale thiransipoti ya sabata ya munthu wokhala ku Diepsloot wogwira ntchito m'tauni. Koma kumbukirani matumba 8 aja. Mukadapanda kulima, foni ya mu Januwale ikadalira ndithu, ndipo mukadagulira amayi chimanga pa R450, osati pa R280. Matumba 8 pa mtengo umenewo ndi R3,600 imene simunatumize. Ine ndimaona kuti pa ekala imodzi phindu lenileni lagona pamenepo: mwadyetsa banja ndipo mpamba wabwerera. Amene akufuna kumanga nyumba ya malata ndi chimanga cha ekala imodzi akudzinamiza, pokhapokha zokolola zikwere kwambiri. Thumba lililonse loposa pa 24 ndi phindu lokhalokha, monganso lililonse lochepera limachoka pa matumba ogulitsa, chifukwa a pakhomo sachepa. Mukakolola 18, ogulitsa atsala 10, ndipo ngakhale pa mtengo wa Febuluwale simupitirira R4,500.

Ndipo kukolola 18 m'malo mwa 24 sikufuna chilala. Kumangofuna kuti ndalama ichedwe masabata awiri. Feteleza wokulitsa amafunika podzala kapena mbewu ikangomera, yuriya pakatha masabata atatu chimerereni, kupalira koyamba mkati mwa masabata omwewo udzu usanapambane. Chigawo cha pakati mvula yodzalira imagwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, kummwera imafulumirako. Tsono taonani mmene kalendala ya kuno imatsutsirana ndi ya kumunda. Bonasi, kwa amene amailandira, imabwera pakati pa Disembala, mbewu itamera kale. Nthawi yomweyo ntchito za zomangamanga zimatsekedwa, mabwana a m'nyumba ndi m'magadeni amapita ku tchuthi, maganyu a tsiku ndi tsiku amasowa, ndipo Januwale amafika ndi lendi yake. Mwezi umene kumunda kukufunika ndalama ya kupalira ndi kubandira ndi mwezi umene m'thumba mwanu muli mbee. Choncho ndalama ya feteleza ndi mbewu, R3,100, iyenera kukhala itakwana pofika Seputembala, ndipo ya ganyu, R1,600, ikhale itasungidwa padera Disembala asanalowe. Ine ndimayamba kupatula R600 mwezi uliwonse kuyambira Malichi, ndipo pofika Okutobala ndimakhala ndi R4,800.

Apa pakubwera mfundo imene ndinachedwa kuimvetsa, ndipo ndi imene imagwetsa ambiri ofuna kusunga. Mukasunga chimanga mpaka Febuluwale, ndalama yake singagule feteleza wa nyengo yotsatira, chifukwa feteleza ameneyo amafunika mu Okutobala, miyezi inayi chimanga chisanagulitsidwe. Ndiye kuti nyengo ziwiri zimakwerana. Musanalandire tambala imodzi ya munda woyamba mudzakhala mutatulutsa R6,000 ya chaka choyamba, R720 ya matumba, ndi R5,000 ya feteleza, mbewu, ganyu ndi mankhwala a chaka chachiwiri. Zonse R11,720. Umenewu ndiwo mpamba weniweni wa bizinesi ya ekala imodzi, osati R6,000. Amene alibe amagulitsa mu Okutobala kuti agule feteleza, mtengo utangokwera pang'ono, kapena amauza akumudzi kuti akatenge ngongole ku banki nkhonde. Kumeneko chiwongoladzanja chimawerengedwa pa mwezi, m'magulu ambiri 10 kapena 20 pa 100 iliyonse. Mukakongola R3,100 pa 10 kwa miyezi inayi mwaonjeza R1,240, kuposa phindu lija pafupifupi kasanu. Za katapila sindinena n'komwe.

Pali zinanso ziwiri zimene zingasokoneze masamu ngakhale mutasunga bwino. Choyamba, mtengo sukwera chaka chilichonse. Mu 2017 dziko linakolola kwambiri, boma linali litaletsa kugulitsa chimanga kunja, ndipo mtengo unakhala pansi miyezi yambiri. Osunga anangotopa ndi kusunga. Chaka cha chilala, monga cha 2024 pamene boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, mtengo umakwera koopsa, koma m'chaka chotero inunso mumakhala mulibe chogulitsa. Chachiwiri ndi kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100, dola n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Munthu amene anamva kuti chimanga chakwera m'makwacha anayenera kufunsa ngati chakweranso m'marandi amene analowetsa. Kuti ndisasokonezeke, ndimafunsa achemwali funso limodzi mwezi uliwonse: thumba la feteleza likufuna matumba angati a chimanga lero? Pa manambala athu aja, mu Meyi likufuna anayi ndi pang'ono, mu Febuluwale osakwana atatu. Funso limeneli silisamala kuti kwacha ili pati. Ndipo ndalama ya chimanga ikalowa, sitiisiya igone pa foni mpaka Okutobala. Ngati m'sitolo muli feteleza, timagula thumba limodzi nthawi yomweyo n'kulikhazika pouma, losatsegula, popeza yuriya amakoka chinyezi n'kuuma ngati mwala.

Mmene timachitira tsopano, sitigulitsa matumba 16 onse tsiku limodzi. Achemwali ndiwo anabweretsa nzeru imeneyi. Anati, "Achimwene, inu muli kutali, simuona mmene anthu amayang'anira chitseko chija mu Januwale. Tigulitseko ena mvula isanagwe." Ndiye asanu ndi limodzi amapita mu Novembala, ndalama yake n'kulipira aganyu a kupalira popanda kudikira ine, ndipo khumi amadikira kumapeto kwa Januwale. Ena mwa khumiwo sapita n'komwe ku msika, chifukwa mu Januwale waganyu wa kubandira amakonda kulipidwa ndowa ya chimanga kusiyana ndi ndalama, ndipo ndowa imeneyo timailemba m'kope pa mtengo wa mwezi umenewo. Tsiku lomanga matumba amandijambulira onse ali pa thandala, lililonse litalembedwa nambala ndi makala, ndipo thumba likatuluka amanditumizira nambala yake ndi mtengo wake. Kope lina lili kwa iwo, lina lili kuno pansi pa matiresi, ndipo timawafananiza pa Isitala.

Sabata yatha pa nsima ija mnzathu wa ku Kasungu ananena kuti chaka chino akufuna kulimitsa maekala atatu. Ndinamubwereka kope langa kuti achulukitse R11,720 katatu. Anayang'ana nambalayo kanthawi, n'kufunsa ngati tsamba la kumapeto lili ndi malo oti ayambe kuwerengera ekala imodzi ndi theka.